Phompho la pa 478: zimene zimachitika gama akagunda elekitironi

Pathebulo la mu labotale pali kadisiki ka pulasitiki, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Pamwamba pake palembedwa Cs-137. M'kati mwake anatsekeramo kachidutswa ka siziyamu kochepetsetsa, ndipo kachidutswako kamatulutsa cheza cha gama usana ndi usiku. Sikatopa msanga, chifukwa pamapita zaka 30 kuti mphamvu zake zitsike ndi theka. Cheza chimenechi sichiyenda ngati madzi a mumpopi. Chimatuluka m'timagawo, kamodzikamodzi, ndipo kagawo kalikonse akatswiri amakatcha fotoni. Mafotoni a gama ochokera m'kadisikika ndi ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi: iliyonse imanyamula mphamvu yokwana 662 keV. Zilembo zitatuzi ndi muyeso chabe, monga mmene kilogalamu ilili muyeso wa ufa. Poyerekeza, fotoni ya kuwala kumene timaona ndi maso ili ndi mphamvu yochepa kuposa pamenepa ka mazana a zikwi.

Pafupi ndi kadisikiko pali chipangizo chooneka ngati tochi yaikulu. Wophunzira akachiyatsa, pakompyuta pamayamba kumera chithunzi. Mzere wogona ukuonetsa mphamvu, kuyambira ziro kumanzere kupita kumanja. Kutalika kwa chithunzicho pamalo alionse kukuonetsa kuchuluka kwa mafotoni amene asiya mphamvu yotero. Chithunzi chotere ndicho sipekitiramu.

Popeza mafotoni onse ndi a 662, munthu angayembekezere kuona nsonga imodzi yokha, itaima pa 662, kwina konse kuli mbee. Nsongayo imaonekadi. Koma kumanzere kwake kuli dziko lonse lathunthu. Kuli chitunda chotambalala chochokera ku ziro, chimene chimayenda, n'kukwera pang'ono chakumapeto, kenaka n'kugwa mwadzidzidzi pafupi ndi 478. Pakati pa kugwako ndi nsonga yaikulu pali chigwa. Amene anakwerapo phiri la Zomba akudziwa maonekedwe amenewa: pamwamba m'potambalala, ungayende mtunda wautali, koma ukafika m'mphepete nthaka imathera pomwepo. Malo amene chitundachi chikutherawa ndiwo ndikuwatcha phompho la Compton. Wophunzira aliyense amene ndinamuonapo akuliyang'ana koyamba amafunsa chimodzimodzi: kodi makinawa aonongeka, kapena m'kadisikimu muli chinthu china chotulutsa 478? Yankho n'lakuti ayi pa zonse ziwiri. Phompholi limachokera ku lamulo la kugundana kwa zinthu ziwiri, ndipo malo ake mukhoza kuwawerengera nokha pa kakyuleta ya mufoni.

Kuti izi zimveke, tiyambe tadziwa chimene chipangizochi chimayeza. Kumutu kwake kuli kirisitalo ya mchere wotchedwa sodiyamu ayodayidi, yoonekera ngati galasi, nthawi zambiri yaikulu ngati kapu ya tiyi. Fotoni ya gama payokha siisiya chizindikiro. Ikhoza kudutsa kirisitalo yonse osakhudza kanthu, ndipo zambiri zimaterodi. Chimene chimasiya chizindikiro ndi elekitironi imene fotoniyo yaikankha. Elekitironiyo imathamanga m'kirisitalo kamtunda kosakwana milimita imodzi, n'kuima, ndipo pothamangapo kirisitalo imaphethira kuwala pang'ono. Kumbuyo kuli chubu chimene chimasandutsa kuphethirako kukhala magetsi, ndipo kompyuta imalemba kukula kwake. Kotero chipangizochi sichidziwa mphamvu imene fotoni inabwera nayo. Chimadziwa mphamvu imene yatsala m'kirisitalo basi. Chili ngati mlembi wa pamsika amene amalemba ndalama zokhazo zimene munthu wasiya pamsikapo, osati zimene anachoka nazo kunyumba.

Fotoni ikalowa n'kukhudza kanthu, pa mphamvu ngati imeneyi pali njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yakuti atomu iimeze yonse. Fotoni imatheratu, mphamvu yake yonse imatsala m'kirisitalo, ndipo kompyuta imalemba 662. Njira yachiwiri, imene imachitika kawirikawiri kuposa yoyambayo, ndi yakuti fotoni igunde elekitironi imodzi, iipatse gawo la mphamvu, iyo n'kupatuka kupita kwina ndi yotsalayo. Ikapatuka n'kutuluka m'kirisitalo, yapita ndi gawo lake, ndipo kompyuta imalemba gawo la elekitironi lokha. Chitunda chonse chija n'chopangidwa ndi mafotoni othawa chotere.

Mabuku amanena kuti elekitironi yogundidwayi ndi yomasuka. Kunena zoona, m'kirisitalo mulibe elekitironi yongodzikhalira payokha. Iliyonse ili ndi atomu yake. Koma maelekitironi a kunja kwa atomu amagwiridwa mofooka kwambiri, ndi mphamvu yosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo chikwi a 662 keV. Kwa fotoni ya gama chomangira chotere chili ngati ulusi wa kangaude pamwendo wa ng'ombe. N'chifukwa chake tikhoza kuwerengera ngati kuti elekitironiyo yangoima payokha.

Funso lalikulu ndi ili: n'chifukwa chiyani fotoni singapereke mphamvu yake yonse kwa elekitironi yomasukayo? Aliyense amene anaonererapo masewera a pulu pa sitolo akudziwa kuti mpira woyera ukagunda unzake pamphumi penipeni umaima, unzakewo n'kutenga liwiro lonse. Bwanji fotoni osachita chimodzimodzi?

Pa kugundana kulikonse pali zinthu ziwiri zimene sizitayika. Choyamba ndi mphamvu. Chachiwiri ndi chimene amati momentamu, ndiko kuti ukulu wa kukankha kumene chinthu choyenda chimanyamula, pamodzi ndi mbali imene chikukankhira. Lole yoyenda pang'onopang'ono ili ndi momentamu yaikulu kuposa njinga yothamanga. Zonse ziwiri, mphamvu ndi momentamu, ziyenera kukwanira bwinobwino kugundana kusanachitike ndiponso kutachitika. Mipira ya pulu imatha kupatsana zonse chifukwa imalemera chimodzimodzi. Fotoni ndi elekitironi n'zosiyana: fotoni ilibe kulemera, elekitironi ili nako. Tikayeza momentamu m'muyeso wogwirizana ndi keV, fotoni ya 662 imabwera ndi momentamu ya 662. Koma elekitironi yothamanga ndi mphamvu ya 662 imafunika kukhala ndi momentamu ya 1056. Pakusowa pafupifupi 400, ndipo palibe kwina kozitenga. Kugundana kotero sikungachitike, ngakhale kamodzi.

Tsono onani mmene chilengedwe chimakwaniritsira masamuwa. Fotoni igunde elekitironi pamphumi, n'kubwerera kumene yachokera. Pobwerera m'mbuyo imakankhira elekitironi kutsogolo kachiwiri, monga mmene munthu wodumpha m'bwato amalikankhira bwatolo kutali. Ikabwerera ndi 184, elekitironi imalandira momentamu ya 662 kuonjeza 184, zimene zikukwana 846. Mphamvu imene yatsalira elekitironi ndi 662 kuchotsa 184, zimene ndi 478. Ndipo elekitironi ya mphamvu 478 imafunikadi momentamu ya pafupifupi 846. Zonse ziwiri zakwanira. Palibe kugunda kwina koposa kwa pamphumi, kotero palibe elekitironi imene ingalandire zoposa 478 pa kugunda kumodzi. Phompho lija ndi malire amenewa. Atomu yathunthu imatha kumeza fotoni yonse chifukwa ndi yolemera kwambiri, moti imanyamula momentamu yotsalayo popanda kutenga mphamvu yodziwika. Elekitironi yomasuka ilibe woithandiza chotero.

Kugunda kwa pamphumi n'kumodzi mwa kugunda kochuluka. Fotoni ikhoza kungokhudza elekitironi m'mbali n'kupatuka pang'ono, ikhoza kukhotera cham'mbali, ikhoza kubwerera. Ngodya imene yapatukira ndiyo imagamula mmene mphamvu igawidwire, ndipo lamulo lake limalembedwa chonchi:

```
E' = E / (1 + (E/511)(1 - cos θ))
```

Apa E ndi mphamvu imene fotoni yabwera nayo, E' ndi imene yachoka nayo, ndipo θ ndi ngodya ya kupatukako, kuyambira madigiri 0 ngati yapitirira osakhota mpaka madigiri 180 ngati yabwerera. Nambala ya 511 ndi kulemera kwa elekitironi kutasandutsidwa mphamvu, m'muyeso womwewo wa keV. Palibe china chilichonse m'lamuloli. Mulibe dzina la kirisitalo, mulibe kutentha kwa chipinda, mulibe mtundu wa makina. Fotoni igunde elekitironi ya m'chitsulo, ya m'madzi kapena ya m'fupa la munthu, yankho ndi lomwelo.

Tiyeni tiwerengere limodzi ngodya imodzi. Gawani 662 ndi 511, mupeza 1.295. Pa madigiri 90, cos θ ndi ziro, ndiye kuti pansi pa mzere pali 1 kuonjeza 1.295, kutanthauza 2.295. Gawani 662 ndi 2.295, mupeza 288. Fotoni yokhotera cham'mbali penipeni imachoka ndi 288, elekitironi n'kutsala ndi 374. Mukachita chimodzimodzi pa madigiri 30, fotoni imachoka ndi 564, itangosiya 98 yokha. Pa madigiri 60 imachoka ndi 402, n'kusiya 260. Pa madigiri 120 imasiya 437, pa madigiri 150 imasiya 468, ndipo pa madigiri 180 imasiya 478. Mabuku ena mupeza alemba 477. Iwo amayambira pa 661.7 m'malo mwa 662, kusiyana kwake ndi komweko basi.

Yang'anitsitsani manambalawa, chifukwa m'menemo ndi mmene mwabisala chifukwa chimene phomphlo limaonekera bwino chotere. Kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 60, gawo la elekitironi lakwera kuchoka pa ziro kufika pa 260. Koma kuchoka pa madigiri 120 kufika pa 180, lakwera ndi 41 yokha. Tayerekezani kuti elekitironi ili pakati pa dzungu lozungulira bwino, ndipo fotoni yopatuka ikutulukira penapake pakhungu la dzungulo. Khungu la kutsogolo, la madigiri 0 mpaka 60, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a dzungu lonse. Khungu la kumbuyo, la madigiri 120 mpaka 180, nalonso ndi gawo limodzi mwa anayi. Mafotoni a kutsogolo amamwazika pamtunda wa 260 pa sipekitiramu, pamene a kumbuyo onse amathithikana pakamtunda ka 41, m'mphepete mwenimweni mwa phompho. N'chifukwa chake chitunda chija chimakwera chisanagwe.

Pali china chimene chimachepetsa kuthithikanaku. Fotoni siikonda ngodya zonse mofanana. Oskar Klein wa ku Sweden ndi Yoshio Nishina wa ku Japan ndi amene anawerengera mwayi wa ngodya iliyonse, m'ntchito imene inasindikizidwa mu 1929, pogwiritsa ntchito lamulo la elekitironi limene Paul Dirac anali atangolitulutsa kumene. Anapeza kuti fotoni yofooka imapita kutsogolo ndi kumbuyo pafupifupi mofanana, koma yamphamvu imakonda kutsogolo. Pa 662, mukaika chipangizo chanu pafupi ndi njira yowongoka mumalandira mafotoni ochuluka kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira pang'ono kuposa mukachiika cham'mbali kapena kumbuyo. Obwerera ndi ochepa, koma popeza amaunjikana pamalo opapatiza, amapambanabe. Zonse zikaphatikizidwa, pa kugunda kumodzikumodzi chitundacho chimayamba ndi msinkhu wina pa ziro, chimatsika pang'ono pakati, kenaka m'mphepete mwa phompho chimafika pafupifupi kawiri msinkhu woyambawo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali kukongola kwa nkhaniyi: mzere wogona wa pakompyuta, umene walembedwa kuti ukuyeza mphamvu, kuyambira ziro mpaka 478 ukuyezanso ngodya. Kaloza chala pa 374, waloza mafotoni amene anakhota madigiri 90 n'kuthawa.

Munthu amene dzina lake lili paphomphli sanagwiritse ntchito siziyamu. Arthur Holly Compton ankagwira ntchito ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku Amereka, ndipo mu 1922 ndi 1923 ankawalitsa cheza cha ekisireyi chochokera ku chitsulo cha molibidenamu pa kachidutswa ka girafaiti, mwala wakuda womwe uja uli m'kati mwa pensulo. Panthawiyo pafupifupi aliyense ankakhulupirira kuti cheza ndi mafunde basi. Mafunde akagunda chinthu n'kubalalika sasintha kutalika kwake, monga mmene mafunde a panyanja amachitira akagunda thanthwe. Compton anayeza cheza chobalalikacho pa madigiri 45, 90 ndi 135, ndipo anapeza kuti mafunde atalika. Amene analowa ali a 0.071 nanomita anatuluka pa madigiri 90 ali a 0.073, ndipo ngodya ikakula, kutalikako kunkakulanso. Nanomita ndi milimita imodzi itagawidwa ka miliyoni, choncho kusiyanaku n'kochepa kosaneneka, koma kunali kokwanira. Funde lalitali ndi fotoni yofooka. Compton anaonetsa kuti manambala ake akugwirizana ndi masamu a tinthu tiwiri togundana, masamu omwewo amene tachita pamwambapa. Peter Debye anafika pa lamulo lomweli payekha chaka chomwecho cha 1923, ndipo mu 1927 Compton analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi C. T. R. Wilson.

Pazoyeza zake panali nsonga ziwiri, imodzi yosuntha ndi ina yosasuntha. Yosasunthayo inachokera ku maelekitironi ogwiridwa zolimba, amene fotoni ikawagunda imakhala ngati yagunda atomu yonse, n'kubwerera osataya kanthu. Cheza cha Compton chinali cha pafupifupi 17 keV, ndipo pa mphamvu yochepa chotero fotoni yokhota madigiri 90 imataya magawo atatu okha pa zana. Kuwala kwa dzuwa kukagunda khoma sikusintha mtundu chifukwa cha zomwezi: poyerekeza ndi 511, mphamvu yake si kanthu. Kugundanaku kumayamba kuluma mphamvu ya fotoni ikayandikira 511, ndipo ndi chifukwa chake siziyamu amaonetsa bwino zimene Compton anachita kuvutikira kuti aone.

Lero ophunzira amabwereza ntchitoyi ndi gama. Amaika siziyamu m'chibokosi cha mtovu chokhala ndi kabowo, kuti cheza chituluke mbali imodzi. Kutsogolo kwa kabowoko amaimika ndodo ya aluminiyamu, ndipo chipangizo chija amachiika pamkono wozungulira ndodoyo. Pano chikuyeza fotoni yopatukayo, osati elekitironi. Akachisuntha, nsonga imayenda pakompyuta maso akuona: 564, kenaka 402, kenaka 288. Kuchokera pa manambalawa akhoza kubweza masamu n'kupeza 511 uja, ndiye kuti ayeza kulemera kwa elekitironi ndi ndodo ya aluminiyamu ndi chipangizo choyezera ngodya. Chimene chimavuta n'chakuti mafotoni opatuka ndi ochepa kwambiri, makamaka kupitirira madigiri 90. Pamafunika kuyeza kawiri, ndodo ilipo ndiponso itachotsedwa, kwa nthawi yofanana, n'kuchotsera. Wosachita zimenezi amayeza mafotoni ochokera kukhoma ndi pathebulo, n'kumadabwa kuti nsonga yake sikusuntha.

Mawu akuti khoma ndi thebulo andikumbutsa tsiku lina pamene ndinkathandiza ophunzira awiri kuyeza siziyamu. Pachitunda chawo panali kachulu koonekera bwino pafupi ndi 190, ndipo mmodzi wa iwo anali atatsegula kale buku la manambala kufunafuna chinthu chotulutsa gama wa mphamvu imeneyo. Ankaganiza kuti kadisiki kawo kaipitsidwa. Nditayang'ana pathebulo ndinaona kuti aika kadisikiko pamwamba pa chitsulo chochindikala, chipangizo chili pamwamba pake. Siziyamu amawaza mafotoni mbali zonse. Opita pansi ankalowa m'chitsulomo, ena n'kugunda maelekitironi pamphumi, n'kubwerera m'mwamba kukalowa m'kirisitalo ndi mphamvu imene yawatsalira. Pano elekitironi ya 478 yatsala m'chitsulo, ndipo chipangizo chalandira fotoni ya 184. Paphompho zinali mosemphana: elekitironi inatsala m'kirisitalo, fotoni n'kuthawa. Kachulu ndi phompho ndi mbali ziwiri za kugunda kumodzi, ndipo mukaphatikiza 184 ndi 478 mubwerera pa 662.

Kachuluko kamakhala kokwererapo pang'ono kuposa 184, ndipo kamatsetserekera kumanja, chifukwa mafotoni obwerera pa madigiri 150 amafika ndi 194 ndipo a pa madigiri 120 amafika ndi 225. Kuthithikana komwe kuja ndi kumene kumakapangitsa kuoneka ngati nsonga. Tinachotsa chitsulocho, n'kupachika kadisiki pa kachidutswa ka katoni kutali ndi thebulo. Patapita mphindi khumi kachulu kanali kataphwa kwambiri. Nsonga ya 662 ndi phompho zinali pomwe zinali. Umu ndi mmene mungasiyanitsire: gama weniweni wa m'kadisiki sasamala zimene zamuzungulira, pamene kachulu ka obwerera kamakula ndi kuchepa malinga ndi zimene mwaika kumbuyo.

Palinso chizindikiro china chimene chimathandiza. Mphamvu ya fotoni yobwerera ili ndi denga. Gama akhale wamphamvu chotani, wobwerera sangapitirire theka la 511, ndiye kuti pafupifupi 256. Kobati wa Co-60 amatulutsa mafotoni a 1173 ndi a 1332, oposa a siziyamu kutalitali, koma obwerera ake amafika ndi 210 ndi 214 okha. Ndiye mukaona kachulu kotambalala pakati pa 170 ndi 250, muyambe mwakayikira makoma ndi thebulo musanakayikire kadisiki. Mwa njira yomweyo, mtunda wa pakati pa nsonga yaikulu ndi phompho lake sungapitirire 256. Kobatiyu ali ndi msampha wakewake. Phompho la 1173 lili pa 963 ndipo limaoneka bwino, koma phompho la 1332 lili pa 1118, patsinde penipeni pa nsonga ya 1173. Pa kirisitalo ya sodiyamu ayodayidi ziwirizi zimalowerana, ndipo wowerenga kukula kwa nsonga ya 1173 mosasamala amaphatikizamo mafotoni amene si ake.

Kulowerana kumeneku kukutifikitsa pa mfundo yakuti phompho lenileni silikhala lakuthwa ngati la m'masamu. Chifukwa chachikulu ndi chipangizo. Mafotoni awiri osiya mphamvu yofanana satulutsa kuphethira kofanana ndendende, moti pa sodiyamu ayodayidi nsonga ya 662 imatambalala pafupifupi 45 keV, ndipo phompho limasanduka chitsetse. Zipangizo za jemeniyamu, zimene zimaziziritsidwa ndi nayitirojeni wamadzi, zimachepetsa kutambalalaku mpaka 2 keV kapena kucheperapo, komabe phompho lake limakhala lobuntha pang'ono. Apa ulusi wa kangaude uja wayamba kuoneka. Elekitironi ya mu atomu siinaime. Ikuyenda, ina ikubwera chokumana ndi fotoni, ina ikuthawa, ndipo malire a 478 amasuntha pang'ono uku ndi uku.

Chigwa cha pakati pa phompho ndi nsonga nachonso sichikhala chopanda kanthu. Fotoni ikhoza kugunda elekitironi imodzi, n'kugundanso yachiwiri isanatuluke. Zonsezi zimachitika mofulumira kwambiri moti chipangizo chimaona kuphethira kumodzi, ndipo magawo awiri ataphatikizidwa akhoza kupitirira 478. Ngati pamapeto pake atomu yaimeza fotoni yofookayo, zonse zimakwana 662, ndipo imalembedwa pansonga yaikulu ngati kuti inamezedwa kamodzi. Mbali yaikulu ya nsonga ija imamangidwa motere. N'chifukwa chake kirisitalo yaikulu imapereka nsonga yaitali ndi chitunda chachifupi: fotoni yopatuka imasowa pothawira. Kirisitalo yaing'ono imapereka zosemphana.

Pali zipangizo zina zimene phompho ndilo chokhacho chimene zili nacho. Zina amazipanga ndi pulasitiki wophethira, chifukwa ndi wotchipa ndipo akhoza kupangidwa wamkulu ngati chitseko. Maatomu a pulasitiki, kaboni ndi hayidirojeni, ndi opepuka, ndipo pa 662 sameza fotoni pafupifupi n'komwe. Mukaika siziyamu pafupi, nsonga palibe. Pali chitunda ndi chitsetse chake basi. Wofuna kudziwa kuti malo akutiakuti pakompyuta ndi mphamvu yanji amadalira phompho. Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri ndi kutenga pamwamba penipeni pa chitunda n'kupatcha 478. Kutambalala kwa chipangizo kumakokera pamwambapo kumanzere, choncho 478 weniweni ali penapake pachitsetse, pakati pa pamwamba ndi theka la msinkhu wake. Malo enieni amadalira chipangizocho, ndipo osamala amayerekeza chitsetse chonse ndi masamu a Klein ndi Nishina m'malo mongoloza ndi diso. Cholakwa china choipirapo ndi kulitcha phomphlo 662 poona kuti ndi chinthu chomaliza pachithunzi. Zikatero muyeso uliwonse wotsatira umakwera ndi magawo pafupifupi 40 pa zana.

Madzulo a tsiku lija, ophunzira atabweza kadisiki m'bokosi lake n'kukhoma, ndinawapempha kuti asazimitse makina. Tinawasiya akuwerenga usiku wonse m'chipinda chopanda kanthu. M'mawa mwake panali sipekitiramu ina, yotsika koma yomveka, yokhala ndi nsonga kutali kumanja pa 1461. Ameneyu ndi potaziyamu wa K-40, amene ali mu njerwa ndi simenti ya makoma, mu nthaka, mu phulusa, mu nthochi, ndi m'matupi mwathu momwe. Ndinawauza kuti asayang'ane kaye kumanzere kwa nsongayo, ayambe awerengera. Mmodzi anatulutsa foni, anagawa 1461 ndi 511, anachulukitsa kawiri, anaonjeza 1, n'kugawa 1461 ndi yankholo. Anapeza kuti fotoni yobwerera imachoka ndi pafupifupi 218, ndiye kuti elekitironi imatsala ndi 1243. Mnzake anayendetsa chala pagalasi la kompyuta kuchoka pansonga, kutsikira m'chigwa, mpaka pamene mzere unayamba kukwera pang'ono. Anawerenga nambala ya pansi pa chala chake, inali pafupi ndi 1240.